Zenizeni ndi ziti mu Star Trek? Mafunso ndi mayankho pa zaka, Chiklingoni ndi kanoni

Kagulu kathu ka okonda mafilimu a zam'mlengalenga kuno ku Harare ndi ka anthu amene makolo athu anachokera ku Malawi, ku Chipata ndi ku Tete. Ena amakhala ku Highfield, ena ku Mufakose, ku Mbare ndi ku Dzivaresekwa. Mafilimu timapatsana pa fulashi, ndiye aliyense amayambira pamene wapeza, wina pa gawo la 1967, wina pa la 2023. Tikakumana mkangano sulephera, ndipo mafunso ake amakhala omwewomwewo. Ndawasonkhanitsa pano. Ndatsamira pa Star Trek chifukwa ndi pamene zinthu zitatu zimakumana: zaka zosokonekera, chinenero chochita kupanga, ndi ndewu ya kuti zovomerezeka ndi ziti.

Kodi kanoni ndi chiyani, ndipo amagamula ndani?

Amene munakulira m'tchalitchi mukudziwa kale. Baibulo limene agogo a ku CCAP amanyamula lili ndi mabuku 66, la anzathu Akatolika lili ndi 73. Buku la Tobiti lilipo ndithu, munthu akhoza kuliwerenga, koma mpingo wina umaliwerengera m'gulu la malemba pamene wina ayi. Mndandanda wa zovomerezekawo ndiye kanoni. Mafani anabwereka ganizo lomweli: pa nkhani zonse zimene zinalembedwapo za Kaputeni Kirk ndi anzake, ndi ziti zimene tinene kuti zinachitikadi m'dziko lopekalo, moti wolemba wamawa ayenera kuzilemekeza?

Mu Star Trek lamulo limene ambiri amatsata ndi lalifupi. Zimene zaoneka pa kanema, kaya m'magawo a pa tivi kaya m'mafilimu, ndi kanoni. Mabuku, makomiki ndi magemu ayi, ngakhale atuluke ndi chilolezo cha kampani ya Paramount, eni ake a Star Trek. Koma dziwani kuti kanoni imamanga wolemba, sikumanga woonera. Ntchito yake ndi kuuza munthu amene akulemba gawo latsopano kuti izi usazitsutse, izi ukhoza kuziponda. Mafani sagamula. Iwo amakhala ngati alembi, kulemba zimene zagamulidwa ndi kusoka pamene pang'ambika.

Ndinaonera filimu ya 2009, dziko la Vulcan linaphulika. Nanga m'magawo ena likupezekanso bwanji?

Funso ili linachokera kwa achimwene ena a ku Mufakose, ndipo anali atakwiya ndithu, ati anthuwa akutinamiza. Sakunama. Pali mizere iwiri ya nthawi.

Mzere woyamba ndi umene unayamba ndi sewero loyambirira la Gene Roddenberry, lomwe linaulutsidwa ku Amereka kuyambira pa 8 Seputembala 1966. Mumzere umenewu, m'chaka cha 2387, dziko la Romulus linawonongeka nyenyezi itaphulika. Nero, wokumba migodi wa ku Romulus, anagwera m'dzenje la m'mlengalenga n'kutulukira m'chaka cha 2233, kumene anaphwanya chombo chotchedwa USS Kelvin n'kupha bambo ake a Kirk tsiku lomwe Kirk ankabadwa. Kuchokera tsiku limenelo nthawi inachita mphanda. Zonse za m'filimu ya 2009 ndi ziwiri zotsatira, za 2013 ndi 2016, zimachitika munthambi yatsopanoyi, imene imatchedwa dzina la chombo chija, Kelvin. Vulcan inawonongeka mu 2258 munthambi imeneyi yokha.

Chimene ambiri amaphonya ndi chakuti filimu ya 2009 ili ndi mwendo kuwiri. Kuwonongeka kwa Romulus kunachitika mumzere woyamba, kotero sewero la Picard la 2020, lomwe nkhani yake ili mu 2399, limayamba ndi Aromulani ali othawa kwawo. Ndiye mukamaonera, dzifunseni kuti ndi dziko liti limene lasowa. Ngati ndi Vulcan, muli ku Kelvin. Ngati ndi Romulus ndipo Vulcan ilipo, muli mumzere woyamba, kupitirira 2387.

Zaka za masewero onsewa zimatsatana bwanji?

Sizitsata chaka chimene sewero linajambulidwa. Enterprise inatuluka mu 2001 koma nkhani yake imayamba mu 2151. Discovery ya 2017 imayamba mu 2256, kenako pa sizoni yachitatu imadumphira ku 3188. Ulendo wa zaka zisanu wa Kirk uli pakati pa 2265 ndi 2270. The Next Generation, ya 1987, imayamba mu 2364, ndipo Voyager mu 2371. Muzu wa zonsezi ndi 5 Epulo 2063, tsiku limene Zefram Cochrane anaulutsa chombo chothamanga kuposa kuwala, Avulkani n'kutera ku Montana kudzaonana ndi anthu koyamba.

Manambala amene kaputeni amatchula poyamba gawo ali ndi tanthauzo?

Amatchedwa sitadeti. M'sewero loyambirira anawaika dala kuti woonera asadziwe chaka chenicheni, ndiye amakwera ndi kutsika mosatsata dongosolo lodalirika. Musataye nawo nthawi.

Kuyambira 1987 anaikapo lamulo: sizoni imodzi ndi chaka chimodzi, ndipo chaka chimodzi ndi manambala 1000. Gawo loyamba la The Next Generation lili pa 41153.7, ndipo kumapeto kwa sizoni yomweyo Data, mmodzi wa ogwira ntchito m'chombo cha m'sewerolo, anatchula ndi pakamwa pake kuti chaka ndi 2364. Mafani atagwirizanitsa ziwirizi anapeza kawerengedwe aka:

```
chaka = 2323 + (sitadeti / 1000)
```

Mumangotenga manambala awiri oyamba n'kuphatikiza ndi 2323. Gawo loyamba la Voyager lili pa 48315.6, ndiye 48 kuphatikiza 2323 ndi 2371, zoona. Filimu ya Nemesis ili pa 56844.9, ikutipatsa 2379, zoonanso. Koma mukayesa pa 1312.4, ya limodzi mwa magawo oyambirira a Kirk, mupeza 2324, kusemphana ndi pafupifupi zaka 60. Mafilimu a Kelvin nawonso ali ndi njira yawo: 2258.42 ndi chaka chenichenicho, 2258, ndi tsiku la m'chakacho. Choncho kawerengedwe kaja kamagwira pa manambala asanu a nthawi ya akaputeni Picard, Sisko ndi Janeway basi. Ngati nambala ili ndi manambala anayi kumanzere kwa kadontho, kasiyeni.

Khan akuti analamulira dziko mu 1992. Amalume anga anali pa ntchito ku Workington chaka chimenecho ndipo sanamvepo. Olemba anathana nazo bwanji?

Apa m'pamene pamakoma, chifukwa mumaona njira zonse zimene anthu amasokera chigamba. M'gawo la 1967 lotchedwa Space Seed, anati Khan Noonien Singh, munthu wosinthidwa chibadwa kuti akhale wamphamvu ndi wanzeru kuposa ena, analamulira gawo loposa limodzi mwa magawo anayi a dziko lapansi kuyambira 1992 mpaka 1996, kenako anathawa pa chombo ali mtulo. Kwa wolemba wa 1967, 1992 inali kutali. Sanaganize kuti sewero lake lidzakhalapo mpaka chakacho chifike.

Njira yoyamba inali kungokhala chete. Mu 1996 a Voyager anabwerera m'mbuyo kukafika ku Los Angeles ya 1996, ndipo kunalibe nkhondo iliyonse yooneka. Njira yachiwiri inali ya mabuku: wolemba Greg Cox, mu 2001 ndi 2002, anati nkhondozo zinachitikadi koma mobisa, kuseri kwa zipolowe zimene tinkamva pa wailesi. Kunali kuchenjera, koma ndi buku, ndiye sikanoni. Njira yachitatu inabwera mu 2023 m'sewero la Strange New Worlds: tinaona Khan ali kamnyamata ku Toronto, m'zaka zathu zino, ndipo kazitape wa Chiromulani anadandaula kuti zonsezi zinayenera kuchitika mu 1992, koma anthu oyenda m'nthawi akhala akusokoneza mpaka zochitika zinasunthira kutsogolo.

Tsopano zonse ziwiri zili pa kanema, 1992 ndi zaka za m'ma 2020, ndipo zonse ndi kanoni. Ine ndimaona kuti yankho la 2023 ndi labwino pa gawo lomwelo koma ndi loopsa kwa ena onse, chifukwa khomo limenelo likatseguka, chaka chilichonse chikhoza kusunthidwa n'kunamizira oyenda m'nthawi. Ena m'kagulu kathu amati ndi njira yokhayo yoti nkhaniyo ikhalebe tsogolo lathu ife, osati la dziko lina. Sitinamvane.

N'chifukwa chiyani Aklingoni akale ali ndi mphumi yosalala?

Yankho la kunja kwa nkhani ndi ndalama. Pamene Aklingoni, mtundu wa ankhondo ochokera kudziko lina, ankaonekera koyamba mu 1967, sewero la pa tivi linalibe ndalama zopakira anthu ambiri, ndiye anangowadetsa khungu n'kuwamata ndevu ndi nsidze. Filimu ya 1979 inali ndi thumba lalikulu, mphumi zinatukuka mizere, ndipo kwa zaka zambiri palibe anafotokoza. Woonera ankangoyenera kuganiza kuti anali otero kuyambira kale.

Vuto linadza mu 1996, a sewero la Deep Space Nine atapanga gawo lokumbukira zaka 30 za Star Trek, momwe anthu awo analowetsedwa m'zithunzi za gawo lakale. Worf, Mklingoni wa mphumi ya mizere, anakhala chipinda chimodzi ndi Aklingoni osalala. Anzake atamufunsa, anayankha kuti nkhaniyo sakambirana ndi anthu akunja. Inali nthabwala, koma nthabwalayo inasandutsa vuto la zopakapaka kukhala chinthu chochitikadi m'nkhani. Kuyambira pamenepo sukanatinso n'zopaka chabe. Mu 2005 Enterprise inalipira ngongoleyo ndi magawo awiri: mu 2154 Aklingoni anayesa kudzipangira asilikali amphamvu pogwiritsa ntchito chibadwa cha anthu a mtundu wa Khan, kachilombo kanafalikira, ndipo mankhwala ake anasiya ambiri ali ndi mphumi yosalala pamodzi ndi ana awo.

Zinakhala ngati zatha. Kenako Discovery ya 2017 inabweretsa Aklingoni ampala, a nkhope ina kotheratu, m'chaka cha 2256, zaka pafupifupi khumi zokha asanakumane ndi Kirk. Pa sizoni yachiwiri tsitsi linamera, ati ankameta chifukwa cha nkhondo. Za nkhopeyo mafani anagawikana pawiri. Ena amati chilichonse chooneka ndi maso ndi kanoni, ndiye payenera kukhala mitundu ingapo ya Aklingoni. Ena amati kanoni ndi zochitika ndi zolankhulidwa, maonekedwe ndi kavalidwe ka sewero chabe. Ine ndili kumbali yachiwiriyi, apo ayi tiyeneranso kufotokoza chifukwa chake makompyuta a chombo cha 2266 ali ndi mabatani ngati a wailesi ya agogo.

Chiklingoni n'chinenero chenicheni kapena amangobwebweta?

Chenicheni, chophunzirika, chokhala ndi malamulo ake. Mawu ochepa oyamba, a m'filimu ya 1979, anawapeka James Doohan, yemwe ankasewera ngati Scotty, injiniya wa chombo cha Kirk. Pokonza filimu yachitatu ya 1984, kampani inalemba ntchito katswiri wa zinenero Marc Okrand, amene anatenga timawu ta Doohan tija n'kumangapo chinenero chathunthu. Dikishonale yake inatuluka mu 1985, n'kuwonjezedwa mu 1992, chaka chomwe Lawrence Schoen anayambitsa bungwe la Klingon Language Institute.

Okrand ankafuna kuti chimveke chachilendo, ndiye anasankha dala zinthu zosowa m'zinenero za anthu. Chachikulu ndi dongosolo la mawu: wochitidwa amayamba, mneni pakati, wochita pamapeto.

```
puq legh yaS
yaS legh puq
```

Apa puq ndi mwana, legh ndi kuona, yaS ndi mkulu wa asilikali. Mzere woyamba ukuti mkulu wa asilikali akuona mwana. Wachiwiri ukuti mwana akuona mkuluyo. Wozolowera Chingelezi amatembenuza nthawi zonse.

Koma zina zimene zimavuta Azungu, kwa ife n'zapakhomo. Mneni wa Chiklingoni amanyamula kachidutswa kutsogolo kosonyeza wochita ndi wochitidwa. `qalegh` ndi "ndikukuona", `cholegh` ndi "ukundiona". Mawu amodzi, chiganizo chathunthu, monga timachitira ife, ndi monga anzathu a Chishona amati ndinokuona. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timaika tizidutswa tiwiri, "ndi" ndi "ku", pamene iwo amaphatikiza zonse mu `qa-` mmodzi, ndiye uyenera kuloweza gome lonse. Mayina nawo ali m'magulu pochulukitsa: `-pu'` kwa zolengedwa zolankhula, `-Du'` kwa ziwalo za thupi, `-mey` kwa zina zonse. Magulu atatu okha. Munthu amene amasiyanitsa munthu ndi anthu, mtengo ndi mitengo, chinthu ndi zinthu osaganizira, sangaope zimenezo. Ngakhale liwu lovuta lija la `tlh`, lomwe lili koyamba kwa `tlhIngan Hol`, dzina la chinenerocho, amene munakhalapo ku Botswana munalimva m'Chitswana.

Chenjerani ndi malembo aakulu polemba pa foni. `q` ndi `Q` ndi maliwu awiri osiyana, ndipo `I`, `D`, `H` ndi `S` amakhala aakulu nthawi zonse, ngakhale pakati pa mawu. Kachizindikiro ka `'` nako ndi lembo, kamaimira kudula mpweya pakhosi. Foni ikakukonzerani yokha, mwalemba zina.

Ngati wosewera walakwitsa kutchula, cholakwikacho chimakhala kanoni?

Ili ndi funso labwino kuposa onse, chifukwa pano kanoni ya nkhani ndi kanoni ya chinenero zimasiyana njira. Kwa olankhula Chiklingoni, chovomerezeka ndi chimene chachokera kwa Okrand, kaya m'buku, kaya m'kalata, kaya pa msonkhano wawo wa chaka ndi chaka wotchedwa `qep'a'`. Ndiye dikishonale ya 1985, yomwe kwa otsata nkhani ndi buku chabe, kwa iwo ndi mwala wa maziko. Ndipo mawu ambiri a Chiklingoni a m'magawo a pa tivi a m'ma 1990, omwe olemba ankangotola m'dikishonale n'kuwandandalika ngati Chingelezi, kwa otsata nkhani ndi kanoni poti ali pa kanema, koma olankhula chinenerocho sawatengerapo chitsanzo. Chinthu chimodzi, makhoti awiri.

Pali kasewero kena kamene amachita. Okrand sanena kuti ndapeka mawu. Amati wafunsa Maltz, Mklingoni amene anagwidwa ukaidi m'filimu ya 1984, ndipo Maltz ndi amene wamuuza. Ophunzira akasowa mawu a chinthu, sapeka okha, amadikira kuti Maltz alankhule.

Koma m'mafilimu amene Okrand anagwirapo yekha, iye anali ndi chizolowezi chosintha chinenero kuti chigwirizane ndi zimene zajambulidwa. Chitsanzo chodziwika ndi ichi, cha m'filimu ya 1984:

```
qama'pu' jonta' neH
```

Kruge, mkulu wa chombo cha Aklingoni, amakalipira msilikali wake amene waphulitsa chombo cha adani. Pojambula, chiganizochi chinkatanthauza "ndinakuuza kuti injini yokha". Chinagawika motere: `qa-` ine kwa iwe, `ma'` kuuza, `-pu'` zachitika kale, `jonta'` injini, `neH` yokha. Pokonza filimu, akuluakulu anasintha mawu olembedwa m'munsi kuti akhale "ndimafuna akaidi", koma mawu a pakamwa anakhala omwewo. Okrand anadula chiganizo chomwecho mwatsopano: `qama'` mkaidi, `-pu'` ambiri, `jon` kugwira, `-ta'` kuchita dala mpaka kutheka, `neH` kufuna. Ndicho chifukwa chake mpaka lero `-pu'` ali ndi ntchito ziwiri, pa mneni ndi pa dzina, ndipo `neH` ndi "kufuna" komanso "yokha". Malamulo a chinenero anabadwa chifukwa cha lumo la wokonza filimu.

Zofanana zinachitika mu 1991. Okrand analibe mneni woti "kukhala" m'chinenero chake, anachita kumusiya dala, ndiye atauzidwa kuti amasulire mawu otchuka a Hamlet oti kukhala kapena kusakhala, anagwiritsa `yIn`, kukhala ndi moyo. Wosewera Christopher Plummer sanakonde kamvekedwe kake. Okrand anatenga `-taH`, kachidutswa kosonyeza kupitirira, n'kukasandutsa mneni wodziimira, ndipo zinakhala `taH pagh taHbe'`.

Ndiye mabuku ndi makatuni n'kutaya nthawi?

Ayi, chifukwa ndi nkhokwe imene olemba a pa kanema amatapamo. Sulu, woyendetsa chombo cha Kirk, analibe dzina loyamba mpaka wolemba Vonda McIntyre atamutcha Hikaru m'buku la 1981, ndipo dzinalo linatchulidwa pa kanema mu 1991. Uhura, woyang'anira mauthenga m'chombo chomwecho, amene dzina lake linachokera ku liwu la Chiswahili la ufulu, anapatsidwa dzina loti Nyota m'buku la 1982, mafani n'kulizolowera, koma linamveka pa kanema koyamba mu 2009. Ndipo anthu ouma mitu anati dikirani, imeneyo ndi nthambi ya Kelvin, ndipo Uhura anabadwa nthawi itachita kale mphanda, ndiye makolo ake akanatha kumutcha lina mumzere woyamba. Strange New Worlds ya 2022 ndi imene inatseka pakamwa pawo.

Makatuni a 1973 mpaka 1974, magawo 22, ali ndi mbiri yakeyake. Anali pa kanema, mawu ake ankalankhula osewera enieni ambiri, koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ofesi ya Roddenberry inawaika pambali. Komabe zinthu zake zinapitiriza kulowa pakhomo la kuseri. Dzina lapakati la Kirk, Tiberius, linayambira m'makatuni. Robert April, kaputeni woyamba wa chombo cha Enterprise, anayambira komweko, ndipo mu 2022 anaoneka akuseweredwa ndi munthu weniweni. Masiku ano ambiri amawawerengera.

Ngakhale buku la ogwira ntchito m'sewero lenilenilo silitetezeka. Michael ndi Denise Okuda analemba ndondomeko ya zaka mu 1993, ndipo olemba magawo ankaitsegula akafuna chaka. Iwo anayerekeza kuti Cochrane anauluka mu 2061. Filimu ya 1996 inati 2063, ndipo bukulo ndi limene linagonja.

Star Wars nayo imachita chimodzimodzi?

Ayi, kumeneko zinali zolembedwa ngati za boma. Lucasfilm inali ndi kaundula wotchedwa Holocron, woyang'aniridwa ndi Leland Chee, momwe chilichonse chinkapatsidwa lembo: G kwa zochokera kwa George Lucas mwini, T kwa za pa tivi, C kwa mabuku ndi magemu ambiri, S kwa zakale zokayikitsa, N kwa zosavomerezeka. Chapamwamba chikatsutsana ndi chapansi, chapamwamba chimapambana, koma popanda kutsutsana buku linali loona.

Disney inalengeza mu Okutobala 2012 kuti ikugula Lucasfilm pa madola oposa pang'ono 4 biliyoni, ndipo pa 25 Epulo 2014 analengeza kuti mabuku, makomiki ndi magemu akale onse achotsedwa m'kanoni n'kutchedwa Legends. Anatsala mafilimu asanu ndi limodzi ndi makatuni a The Clone Wars. Chewbacca, mmodzi wa ngwazi za m'mafilimuwo, amene anafa m'buku la 1999, anadzuka tsiku limenelo popanda mwambo. Thrawn, mdani wotchuka wa m'buku la Timothy Zahn la 1991, anafufutidwa, kenako anabwezedwa mu 2016 kudzera m'makatuni a Rebels, ali ndi mbiri yatsopano. Kuyambira 2014 mabuku atsopano a Star Wars amawerengedwa kanoni, zomwe mu Star Trek sizinachitikepo.

Pa zinenero, Star Wars yakale sinapange chilichonse chonga Chiklingoni. Ankatenga zinenero za anthu zimene ankaganiza kuti oonera sazidziwa. Nien Nunb, woyendetsa chombo m'filimu ya 1983, amalankhula Chikikuyu, ndipo mawuwo anali a Kipsang Rotich, Mkenya amene ankaphunzira ku Amereka. Oonera a ku Kenya anamva mlendo wa kumwamba akulankhula chakwawo.

Tikakangana, umboni tiupeze kuti?

Mafani a Star Trek anagawa ntchito pawiri. Memory Alpha imalemba zooneka pa kanema, ndipo zochokera m'mabuku imaziika padera, pansi pa tsamba. Memory Beta imalemba za m'mabuku, makomiki ndi magemu. Ya Star Wars, Wookieepedia, imakhala ndi masamba awiri pa munthu mmodzi, la kanoni ndi la Legends, ndipo mikangano yambiri imayamba chifukwa wina anawerenga tsamba lolakwika osayang'ana pamwamba.

Munthu akakuuzani chinthu, mufunseni gawo lake. Akatchula, funsani ngati chinalankhulidwa, chinaoneka bwinobwino, kapena chinali kalembo kakang'ono pa kompyuta ya kumbuyo, chifukwa okonza malo ojambulira ankakonda kulembamo nthabwala poganiza kuti tivi ya nthawi imeneyo singaonetse. Zimene wolemba kapena wosewera wanena pofunsidwa ndi atolankhani zimathandiza kumvetsa cholinga chake, koma sizimanga wolemba wotsatira. Ndipo chimene munadzipangira nokha kuti nkhani igwirizane m'mutu mwanu, sungani, n'chanu, kungoti nenani poyera kuti n'chanu.

Achemwali ena akufuna tijambule kafilimu kathu, Aklingoni atera ku Mbare Musika. N'zololedwa?

Kanoni sikadzakhala, zimenezo iwalani. Za chilolezo, pali malire olembedwa. Mu Disembala 2015 Paramount ndi CBS anasumira opanga filimu ya mafani yotchedwa Axanar, amene anasonkhetsa ndalama zambiri kwa anthu. Pamndandanda wa zinthu zimene makampaniwo anati ndi zawo panalinso Chiklingoni. Bungwe la Language Creation Society linalembera khoti mu Epulo 2016 kuti chinenero sichingakhale cha munthu, ndipo kalatayo anaithira mawu a Chiklingoni. Mlanduwo unatha mogwirizana mu Januwale 2017, khoti lisanagamule za umwini wa chinenerocho.

Chimene chinatuluka ndi malangizo a Juni 2016. Filimu ya mafani isapitirire mphindi 15, kapena zigawo ziwiri zosapitirira mphindi 30 zonse pamodzi, popanda kupitiriza nkhaniyo m'magawo ena. Ndalama zosonkhetsa zisapose madola 50,000, osewera asalipidwe, ndipo filimuyo isagulitsidwe. Malire a ndalamawo ife satikhudza. Chotivuta ndi chiganizo chimene Mklingoni adzanene pogula tomato. Moni wa mtundu wathu, wofunsa za kunyumba ndi ana, kulibe m'chinenerocho. Amangoti `nuqneH`, kutanthauza "ukufuna chiyani", ndipo potengera mwambo wawo woyenera kunena zimenezo ndi mayi wogulitsayo, osati wogula. Ndiye achemwali, amene adzavale mphumi ndi wa patebulo la tomato, kapena mayiyo tiyambe kumuphunzitsa kutchula `H` ya pakhosi.